Masiku aulele a pa apu: chifukwa chake amasanduka bilu komanso mmene mungawaimitsire asanakuduleni

Apu ikakuuzani kuti yesani ulele masiku 7 koma kenako nkukufunsani khadi ya ku banki, dziwani kuti mwagula kale basi, kungoti tsiku lolipira alisunthira kutsogolo. Apa mpamene ambirife timasokonekera. Timaganiza kuti masiku 7 aja akatha apu ibweranso kudzatifunsa kuti kodi mwaikonda, mupitiliza? Safunsa ayi. Funso limenelo anafunsa kale tsiku loyamba, pa batani lomwe munadina mothamanga lija, ndipo munayankha kuti eya. Nde chatsala nchakuti inuyo mukapanda kunena kuti ayi nthawi isanakwane, makina amangodula okha, kaya ndi usiku kaya masana, foni yoyaka kapena yozima, muli pa Kamuzu Road kapena muli kumunda ku Khombedza komwe netiweki imachita kusakidwa pachulu.

Zili ngati mwagwirizana ndi wa kabaza kuti azikutengerani mwana kusukulu mmawa uliwonse, iye nkunena kuti sabata yoyamba musandipatse kanthu, koma mukapanda kundiletsa ndizibwerabe ndipo pa mwezi ndi zakutizakuti. Sabata ikatha sabwera kudzafunsanso, amangofika pageti nkuliza belu. Olo mwana asapite kusukulu tsiku limenelo iye wafika, mwezi ukuwerengedwa. Kusiyana kwake nkwakuti wa kabaza mutha kukambirana naye pansi pa mtengo nkumvana, pomwe apa chikwama munamusiyira kale mmanja.

Eni maapu amapanga dala chonchi ndipo sikuti amabisa kwenikweni, amalemba ndithu koma mu zilembo zing'onozing'ono zotuwa pansi pa batani lalikulu lowala. Akudziwa kuti munthu amene waika kale khadi savuta kumusunga kusiyana ndi amene akuyenera kubwereranso kudzalipira yekha, akudziwanso kuti gulu lina lingoiwala. Kakhadi kaja amakafuna pa chifukwa chimenechi, osati zoti atsimikize kuti ndinu munthu weniweni monga ena amanenera. Mukangoika khadi pena mumaona kandalama kochepa kagwidwa kenako nkubwerera, kumeneko ndi kuyesa ngati khadi ikugwira ntchito, kuti tsiku lodula likafika asadzavutike.

Ndiye njira yodziwira ndi yosavuta. Ngati sanakufunseni khadi ndipo sipanatuluke kapepala ka Google Play kapena ka Apple kochokera pansi pa sikirini kokhala ndi batani la Subscribe, masiku aulele akatha apu ingotseka zina ndi zina basi, palibe chomwe angadule poti alibe podula. Koma ngati munalemba manambala a khadi, kapena kapepala kaja kanatuluka inu nkudina nkuika chala kapena pasiwedi, muli mkati. Chenjeraninso apa: ngati munaikapo kale khadi pa Play Store chaka chatha pogula kanthu kena, safunsanso manambala, khadi ija inasungidwa, kudina kamodzi kokha kwakwana. Anthu ambiri amalumbira kuti ine sindinaike khadi paliponse, zoona sanaike tsiku limenelo, anaika kalekale.

Musanadine, werengani mzere umodzi

Pa sikirini yoyambira pamakhala mzere wonena zinthu zitatu, masiku aulele ndi angati, pambuyo pake mtengo ndi zingati, ndipo mtengowo ndi wa sabata, mwezi kapena chaka. Umaoneka mwa mtundu uwu:

```
7 days free, then $39.99/year
```

Mawu ofunika kwambiri ndi omalizawo. week ndi sabata, month ndi mwezi, year ndi chaka. Maapu ambiri amakhala atakusankhirani kale pulani ya chaka, nkulemba pambali ndi zilembo zikuluzikulu mtengo wogawa pa mwezi kuti uoneke wochepa, koma podula amadula ya chaka chonse kamodzi. Pa kapepala ka Google Play kaja pamalembedwanso deti lomwe adzayambe kudula. Jambulani sikirinishoti pomwepo, musadalire mutu, mutu uli ndi zambiri.

Tiyeni tione ndi manambala. Pali achemwali ena amagulitsa mpunga wa ku Lifuwu, amatumiza mpaka ku Lilongwe, ankafuna kaapu kokonzera zithunzi zotsatsa kuti aziika pa sitetasi ya WhatsApp zooneka bwino. Anadina Lachisanu cha m'ma 7 koloko madzulo, mzere wake unali ngati uli pamwambawu. Tingoyerekeza kuti banki ikuwerengera K1,800 pa dola imodzi, reti yeniyeni muzifunsa ku banki kwanu poti imasintha. $39.99 kuchulukitsa ndi 1,800 ikukwana K71,982, musanaphatikize kandalama komwe banki imadula pa kulipira kunja. Ndalama imeneyo ichoka kamodzi, pa akaunti yomweyo yomwe makasitomala amatumizirapo za mpunga. Pa sikirini yomweyo panalinso pulani ya $4.99 pa sabata, yooneka ngati yachifundo, koma werengani: K8,982 sabata iliyonse, masabata 4 ndi K35,928, ndipo mukaiwala chaka chonse cha masabata 52 ndi $259.48, kupitirira K460,000. Ya sabatayi ndiyo yoopsa kwambiri kwa ine chifukwa imadya pang'onopang'ono, munthu umangoona ngati ndi machaji a banki mpaka miyezi kutha.

Kumbukiraninso kuti mtengo uli mu dola koma inu mukulipira ndi kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, aliyense amene anali ndi pulani yodula yokha anangoona ndalama yochoka yakwera pomwe apu sinasinthe mtengo olo pang'ono.

Tsiku loimitsa ndi lomwe mwayambalo

Malangizo anga enieni ndi awa: mukangoyamba masiku aulele, pitani mukaimitse nthawi yomweyo, musanayambe nkomwe kugwiritsa ntchito apuyo. Zikumveka zachilendo koma pa maapu ambiri a pa Play Store mukaimitsa simulandidwa masiku anu, mumagwiritsabe ntchito mpaka tsiku la 7 lija kenako zimangotseka zokha osadula kanthu. Ngati mwaikonda mutha kulembetsanso mwadala, maso ali gwa pa mtengo. Sikirini yomaliza yotsimikizira imakuuzani zomwe zichitike, iwerengeni, ikalemba deti lomwe zithere ndiye kuti masiku anu alipo. Alipo ena, makamaka olembetsa pa webusayiti ndi zina za Apple, omwe mukaimitsa amatseka pompo. Amenewo ndi omwe mumawaikira chikumbutso pa kalendala ya foni.

Chikumbutsocho musachiike pa tsiku lomaliza. Masiku 7 amawerengedwa kuyambira ola lomwe munadina, nde kwa achemwali aja akutha Lachisanu linalo cha m'ma 7 madzulo, osati pakati pa usiku. A Apple amanena okha kuti muimitse patatsala maola osachepera 24 masiku aulele asanathe, nawo malamulo a Google Play amalola kuti ndalama ya nyengo yotsatira idulidwe mkati mwa maola 24 nyengoyo isanayambe. Ndiye Lachinayi madzulo mwafika kale pa mzere. Kampani ya kunja yomwe mwalembetsa pa webusayiti yake itha kumawerenga masiku ndi wotchi ya kwawo osati ya kuno. Onjezani zathu za kuno, magetsi athima foni yazima, bandulo yatha, mwapita kumaliro ku Thavite masiku awiri. Ikani chikumbutso Lachitatu mmawa, masiku awiri athunthu tsiku lisanafike. Ngati masiku aulele ndi 3 okha, monga maapu ambiri okonzera zithunzi ndi mavidiyo amachitira, palibenso zodikira, imitsani tsiku lomwelo.

Pezani kaye komwe munalipirira

Apa mpomwe pamagwa anthu. Pulani imaimitsidwa komwe inayambira. Ngati munadutsira pa Google Play, amene ali ndi khadi yanu ndi Google, mwini apu saiona nkomwe, nde kulowa mu apu nkumasaka batani loimitsira ndi kutaya nthawi, pena mulibemo. Ngati munalembetsa pa webusayiti ya kampaniyo kudzera pa Chrome, Play Store sidziwa chilichonse, mukatsegula mupeza mulibe kanthu nkuganiza kuti muli bwino pomwe bilu ikubwera.

Kuti mudziwe, tsegulani Gmail nkusaka dzina la apuyo kapena mawu oti receipt. Risiti ya Google Play imabwera olo mtengo wa tsikulo uli ziro, ndipo nambala yake imayamba ndi GPA. kenako manambala. Ya Apple imachokera kwa Apple. Ikakhala yochokera ku kampani yeniyeniyo ndiye kuti munalipirira pa webusayiti. Ngati anadula kale kamodzi, onani uthenga wa banki kapena sitetimenti, za Google zimayamba ndi GOOGLE kenako kanyenyezi ndi dzina la apu, za Apple zimalembedwa APPLE.COM/BILL.

Pa foni ya Android

Yatsani data ndipo muone kuti netiweki ikukoka bwino, izi sizitheka popanda intaneti. Tsegulani Play Store, osati apu ija. Pamwamba kudzanja lamanja pali kabwalo kokhala ndi chithunzi chanu kapena chilembo choyamba cha dzina, dinani pamenepo. Musanapite patali yang'anani imelo yomwe yalembedwa pamwamba, ndibwereranso pa nkhani imeneyi. Kenako tsatani izi:

```
Payments & subscriptions > Subscriptions
```

Mupeza mndandanda wa zonse zomwe zikudula kapena zikudikira kudula, chilichonse ndi deti lake. Dinani dzina la apu, pitani pansi penipeni, pali Cancel subscription. Mukadina sizithera pomwepo ayi. Pa mapulani ena amayamba akufunsani ngati mungakonde kungopumira kaye, Pause payments, musavomere, kupumira kumatha kokha pakapita nthawi ndipo kudula kumayambiranso inu mutaiwala. Kenako akufunsani chifukwa chomwe mukusiyira, sankhani chilichonse kapena chokana kuyankha, sizisintha kanthu, dinani Continue. Pomaliza pabwera kabokosi kotsimikizira, dinaninso Cancel subscription kachiwiri. Kudina kwachiwiriku ndi komwe kumagwira ntchito. Anthu ambiri amathera pa funso la chifukwa lija nkutseka foni poganiza kuti zatheka.

Ngati foni yawonongeka kapena yabedwa musadikire kuti mugule ina, pulani siili mu foni, ili pa akaunti. Bwerekani foni ya mnzanu kapena kompyuta, tsegulani Chrome, lowani ndi Gmail yanu pa adiresi iyi, mukamaliza mutulukemo:

```
play.google.com/store/account/subscriptions
```

Tsopano za imelo zija. Mafoni ambiri kuno amakhala ndi maakaunti a Gmail awiri kapena atatu, ina anakutsegulirani mnyamata wokonza mafoni kumsika tsiku lomwe ankaifulasha, ina ndi ya mwana wa achimwene yemwe ankafuna kudawunilodi gemu, ina ndi yanu yeniyeni. Play Store imaonetsa mapulani a akaunti imodzi yokha pa nthawi. Achemwali a mpunga aja atatsegula anapeza mndandanda uli mbee, nkunena kuti mlamu, mulibe kanthu umu, ndiye kuti sanandilembe. Titadina kamuvi ka pambali pa imelo panatuluka akaunti yachiwiri ya dzina la bizinesi yawo, kusinthira imeneyo apu ija ili pompo ndi deti la Lachisanu. Nde mukapeza mulibe kanthu musasangalale msanga, dutsani akaunti iliyonse yomwe ili mu foni. Ikakhala kuti akauntiyo ndi ya munthu wina ndipo pasiwedi simukuidziwa, imitsani pulaniyo pa foni yomweyo ikadali yolowa, ndipo muchotsemo khadi yanu, si bwino khadi yanu kukhala pa akaunti yomwe makiyi ake ali ndi wina.

Pa iPhone

Apa nzachidule. Tsegulani Settings, dinani dzina lanu pamwamba, kenako Subscriptions, sankhani apu, dinani Cancel Free Trial kapena Cancel Subscription nkutsimikiza. Ngati batani loimitsira palibe ndipo pali mawu onena tsiku lomwe zithere, ndiye kuti ndi yoimitsidwa kale. Ma iPhone ambiri kuno ndi ogula kwa munthu, onetsetsani kuti akaunti ya Apple yomwe ili mmenemo ndi yanu.

Pa webusayiti

Uku kulibe njira imodzi, kampani iliyonse imaika batani komwe yafuna ndipo ena amachita kulibisa ngati ndalama ya mwana wasukulu. Lowani pa webusayiti yawo ndi imelo yomwe munalembetsera, ngati munadina Continue with Google tsiku lija dinaninso chomwecho, mukalemba imelo ina mutsegula akaunti yatsopano yopanda kanthu nkumadabwa. Mukalowa sakani Account kapena Settings, mkatimo Billing, Plans kapena Manage plan. Yembekezani masikirini atatu anayi okunyengererani, wina akuti tikuchotserani theka, wina akuti tikupatsani mwezi wina waulele, batani lokhalabe lili lalikulu lowala pomwe lochoka lili kakang'ono kotuwa pakona. Mwezi wina waulele uja mukauvomera simunaimitse, mwangosunthanso tsiku lodula. Pitirizani mpaka muone mawu otsimikiza kuti yaimitsidwa. Pa foni masamba ena saonetsa mabatani onse, dinani timadontho titatu ta Chrome nkusankha Desktop site.

Pali mtundu wina wa pulani womwe muyenera kuuopa kwambiri pa mawebusayiti, wolembedwa Annual, billed monthly. Mumalipira mwezi ndi mwezi koma mwalonjeza chaka chonse. Mwachitsanzo ku Adobe, mukafuna kusiya pulani yotereyi patadutsa masiku 14 chilipirireni koyamba, amakulipiritsani theka la ndalama ya miyezi yotsalayo. Nde kuchedwa kuimitsa pa mtundu uwu sikuluza mwezi umodzi wokha.

Tsimikizani kuti zathekadi

Musakhulupirire kudina kwanu, makamaka netiweki ikamachita zake zija tsamba nkumangozungulira. Tulukani, tsekani Play Store, tseguleninso nkubwerera pa Subscriptions. Pulani yamoyo imaonetsa deti la kudula kotsatira ndi mtengo. Yoimitsidwa imalembedwa Canceled ndi deti lomwe ithere, ndipo mukaidina pamakhala batani la Resubscribe mmalo mwa loimitsira lija. Pa iPhone mawu oti Renews amasintha kukhala Expires. Imelo yotsimikizira imabweranso mphindi zochepa, ngati simukuiona onani mu Promotions ndi mu Spam. Jambulani sikirinishoti yoonetsa deti ndipo imelo ija musaifufute, ndi umboni wanu tsiku lina akadzadula molakwika.

Zomwe anthu amachita nkumaganiza kuti aimitsa

Kufufuta apu mu foni ndiye koyamba. Sikuimitsa kanthu. Mgwirizano uli pa akaunti yanu ndi khadi yanu, apu ikhalepo isakhalepo. Kutuluka mu apu, kufulasha foni, kusintha simu kadi, kusiya kuigwiritsa ntchito, zonsezi ndi chimodzimodzi. Olo kufufuta akaunti yanu ya mkati mwa apu sikuimitsa pulani yomwe ili ku Google Play kapena ku Apple, pena kumangokuvutitsani chifukwa mukulipira chinthu chomwe simungathenso kulowamo.

Chachiwiri ndi nzeru yomwe ambiri timaitama, yoti ndingosiya akaunti ilibe ndalama, adula chani. Tsiku loyamba zimaoneka ngati zagwira, kudula kwakanika, uthenga wabwera kuti khadi yakanidwa. Koma makina sataya mtima tsiku limodzi. Google Play imasunga pulani yotereyi kwa masiku angapo, pena masabata, ikuyesabe khadi mobwerezabwereza. Nde malipiro a pa mwezi angolowa, kapena kasitomala wangotumiza za matumba awiri, akangoyesanso K71,982 yapita, inu munaiwala kalekale kuti kunali apu yotero. Chimodzimodzi ndi nkhani ya ndalama zakunja, masiku ano makhadi athu pena amakanidwa kulipira kunja chifukwa cha kusowa kwa dola kapena malire omwe banki yaika, munthu nkumati bola, zakanika zokha. Zakanika lero, tsiku lomwe khadi idzatseguke adzadula. Ngatinso munaika makhadi awiri pa akaunti ya Google nkuvomera kuti inayo ikhale yothandizira, yoyamba ikakana amapita pa yachiwiri. Makhadi a Mastercard olumikizidwa ku ndalama za pa foni nawo ndi makhadi ndithu, amadulidwa mofanana, ndalama ikangolowa mu waleti.

Sindikunena kuti khadi yosiyana yokhala ndi ndalama zochepa ndi yoipa, ndi mpanda wabwino ndithu ndipo kwa munthu wa bizinesi ndingalimbikitse kuti akaunti yolandirira makasitomala isamaikidwe pa maapu. Koma mpandawo ubwere pambuyo poimitsa, usalowe mmalo mwake.

Chachitatu ndi kudikira kuti akukumbutsani. Pena imelo yokumbutsa imabweradi, koma imapita ku Gmail yomwe ambirife timaitsegula pokhapokha tikufuna kodi yolowera penapake, ili ndi mauthenga masauzande osawerenga. Sabwera pa WhatsApp, saimba foni.

Ngati adula kale

Choyamba imitsani pulani monga tafotokozera, kuti za sabata yamawa kapena chaka chamawa zisabwerenso. Dziwani kuti kuimitsa sikubweza ndalama yomwe yapita, kumangotseka za kutsogolo, ndipo apu mumakhala nayobe mpaka nthawi yomwe mwalipira ithe. Kubwezeredwa ndi pempho lapadera ndipo liwiro ndi lofunika. Ku Google Play mwayi waukulu uli mkati mwa maola 48 chidulireni. Tsegulani play.google.com pa Chrome, dinani chithunzi chanu, Payments & subscriptions, kenako Budget & order history, pezani mzere wa ndalamayo nkudina Report a problem, sankhani chifukwa choona, monga choti simunafune kugula. Lembani mwachidule mu Chingelezi chosavuta kuti masiku aulele anatha inu osadziwa, mwaimitsa kale ndipo simunaigwiritse ntchito chidulireni. Maola 48 akadutsa amakutumizani kwa mwini apu, imelo yake ili pa tsamba la apuyo mu Play Store pansi pa App support, mutumizireni nambala ya GPA. ija ndi deti. Ku Apple pempho limapita pa reportaproblem.apple.com. Palibe lonjezo loti abweza, ena amabweza ena amakana, koma pa ndalama ngati K71,982 mphindi khumi zolemba sizowawa.

Musanene kuti khadi yabedwa kapena simukudziwa amene wadula pomwe munadina nokha, ali ndi umboni wa tsiku, ola ndi foni yomwe inadina, ndipo bodza likaoneka pempho lonse lagwa. Ku banki nako mukapita kukadandaula funso loyamba likhala loti kodi munavomera nokha, nde banki imathandiza kwenikweni pamene muli ndi umboni woti munaimitsa deti lakuti koma adulabe pambuyo pake, apa mpomwe sikirinishoti ndi imelo ija zimagwira ntchito. Kutseketsa khadi nkutenga ina ndi njira yomaliza, ya pomwe kampani ilibe batani loimitsira ndipo siyankha maimelo, poti khadi yatsopano imalipiridwa komanso zina zonse zomwe mumalipira ndi khadi yakale ziima limodzi.

Akavomera kubweza, ndalama imabwerera pa khadi yomweyo yomwe anadula, ndipo imatenga masiku angapo a ntchito, pena mpaka 10, nde musathamangire ku banki mawa lake. Itha kubwera yoperewera pang'ono poyerekeza ndi yomwe inachoka, chifukwa amabweza dola zomwezo koma reti yosinthira ndi machaji a banki sizibwerera mofanana. Ikalowa bwererani pa Subscriptions komaliza muone ngati pulani ija yachokadi, ndipo poti muli pomwepo kale, yang'anani mndandanda wonse pa akaunti iliyonse ya mu foni, kuphatikizapo foni yomwe ana amaseweretsa magemu ngati munaikamo khadi.